Masamu ogawira ndalama pamsika wa masheya: njira ya Markowitz ndi pomwe imapunthwa

Harry Markowitz anali wophunzira wa zachuma pa yunivesite ya Chicago, ku America, pamene anawerenga buku la John Burr Williams lotchedwa The Theory of Investment Value, lomwe linatuluka mu 1938. Bukulo linkaphunzitsa kuti mtengo weniweni wa sheya umachokera ku ndalama zimene sheyayo ikuyembekezeka kudzabweretsa m'tsogolo. Mnyamatayo anaona kuti chiphunzitsochi chili ndi mpata. Ngati munthu amangoyang'ana phindu loyembekezeka basi, ndiye kuti ayenera kupeza sheya imodzi yolonjeza zambiri kuposa zonse n'kuthiramo ndalama zake zonse. Koma anthu odziwa za ndalama sachita choncho. Amagula pang'ono apa, pang'ono apo, ndipo akhala akutero kuyambira kalekale. Zikatero ndiye kuti m'mitima mwawo muli chinthu chachiwiri chimene amachiyeza, chomwe mabuku a nthawiyo anali asanachipatse nambala.

Chinthucho ndi chiopsezo. Mu Malichi 1952, ali ndi zaka 24, Markowitz anafalitsa nkhani ya masamba 15 yotchedwa Portfolio Selection m'magazini ya Journal of Finance. M'nkhaniyo anasandutsa funso lakuti "ndigawe bwanji ndalama zanga?" kukhala samu yoti munthu angathe kuiwerengera mpaka kupeza yankho. Samu ya mtundu umenewu akatswiri amaitcha kwadiratiki pulogiramingi. Ntchitoyi inam'patsa mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1990, pamodzi ndi Merton Miller ndi William Sharpe, ndipo mpaka lero oyendetsa thumba la penshoni kapena la inshuwalansi amaphunzira njirayi asanayambe kugwira ndalama za anthu.

Kuti samuyi imveke bwino, pafunika chitsanzo cha manambala ongopangira phunziro. Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi K1,000,000 ndipo patsogolo pake pali masheya a makampani awiri. Kampani yoyamba ndi yamagetsi, yoyenda mwaphee: phindu lake loyembekezeka ndi 8 peresenti pachaka. Yachiwiri ndi yamigodi, yolonjeza 14 peresenti koma yosakhazikika. Markowitz anati kusakhazikikaku kuyezedwe poona kutalika kwa mtunda umene phindu la chaka ndi chaka limasokera kuchoka pa phindu loyembekezeka. Tiutche mlingo wa kugwedezeka. Wa kampani yamagetsi ukhale 10, wa yamigodi ukhale 20. Kunena kuti 8 peresenti ili ndi kugwedezeka kwa 10 ndi kunena kuti, zinthu zikamayenda mwa nthawi zonse, pafupifupi zaka ziwiri mwa zitatu zilizonse phindu lidzagwera pakati pa kuluza 2 peresenti ndi kupindula 18 peresenti. Kwa yamigodi mpatawo ndi waukulu: kuyambira kuluza 6 mpaka kupindula 34.

Phindu la ndalama zosakaniza ndi losavuta kuwerengera. Mayiyu akaika K600,000 ku magetsi ndi K400,000 ku migodi, ayembekezere 0.6 kuchulukitsa ndi 8, kuphatikiza 0.4 kuchulukitsa ndi 14, zomwe zikukwana 10.4 peresenti. Ndi avereji chabe.

Chiopsezo sichitsata avereji, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu angaganize kuti kugwedezeka kwa kusakaniza kumeneku ndi 14, kutanthauza 0.6 ya 10 kuphatikiza 0.4 ya 20. Zimenezo zikanakhala zoona makampani awiriwa akanamakwera ndi kutsika tsiku limodzi, mofanana ndendende. Koma tinene kuti zimene zimavuta kampani yamagetsi sizikhudzana ndi zimene zimavuta yamigodi, moti chaka choipa cha imodzi chitha kukhala chabwino kapena chapakatikati kwa inayo. Zikatero samu yake imayenda motere: gawo lililonse limachulukitsidwa ndi kugwedezeka kwake, kenako zotsatirazo zimachulukitsidwa ndi izo zomwe. Ku magetsi, 0.6 ya 10 ndi 6, ndipo 6 kuchulukitsa ndi 6 ndi 36. Ku migodi, 0.4 ya 20 ndi 8, ndipo 8 kuchulukitsa ndi 8 ndi 64. Kuphatikiza ndi 100. Nambala imeneyi imatchedwa variyansi, ndipo kugwedezeka ndi nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka variyansiyo. Apa ndi 10.

Yankholi ndi loyenera kuliyang'anitsitsa. Mayi uja akanaopa migodi n'kuika ndalama zonse ku magetsi, akanakhala ndi kugwedezeka kwa 10 ndi phindu la 8 peresenti. Posakaniza, kugwedezeka kudakali 10 komweko, koma phindu loyembekezeka lakwera kufika 10.4 peresenti, K24,000 yowonjezera pachaka popanda kuwonjezera chiopsezo. Ndipo akanafuna bata lenileni, sakanalipeza pothawira ku magetsi kokha. Kuika K800,000 ku magetsi ndi K200,000 ku migodi kumapereka variyansi ya 80, kugwedezeka kwa 8.9, ndi phindu la 9.2 peresenti. Kuthirako pang'ono sheya yoopsa kwachepetsa chiopsezo cha thumba lonse.

Zonsezi zadalira pa kusayendera limodzi kwa makampaniwo. Akatswiri amayeza kuyendera limodzi ndi nambala yotchedwa korileshoni, yomwe imayambira pa -1 kufika pa 1. Ikakhala 1, masheya awiriwo amayenda ngati chinthu chimodzi; ikakhala 0, sakhudzana; ikakhala -1, imodzi ikakwera inayo imatsika. M'samu ya variyansi muli gawo lachitatu limene linasowa pamwambapa chifukwa korileshoni inali 0. Yonse imalembedwa motere, pomwe a ndi b ndi magawo a ndalama ndipo r ndi korileshoni:

```
V = (10a)² + (20b)² + 2r(10a)(20b)
```

Pa kugawa kuja kwa 0.6 ndi 0.4, gawo lachitatuli ndi 96 kuchulukitsa ndi r. Korileshoni ikakhala 1, variyansi imafika 196 ndipo kugwedezeka ndi 14, avereji ija. Ikakhala -1, variyansi imatsika kufika 4 ndipo kugwedezeka ndi 2 yokha. Masheya ndi omwewo, kugawa n'komweko, koma chiopsezo chitha kukhala paliponse pakati pa 2 ndi 14. N'chifukwa chake Markowitz analimbikira kunena kuti kuchuluka kwa masheya pakokha sikuteteza munthu. M'nkhani yake ya 1952 anapereka chitsanzo cha munthu wogula masheya a makampani anjanji 60, amene satetezeka ngati wina wogula masheya ochuluka chimodzimodzi koma a njanji, migodi, magetsi ndi mafakitale osiyanasiyana.

Mawu akuti kwadiratiki akuchokera pa kachiwiri kakang'ono kali pamwamba pa magawo m'samuyi: magawo a ndalama amachulukitsidwa ndi iwo okha komanso ndi anzawo. Kachiwiri kameneka kamasintha khalidwe la yankho. Samu zolinganiza chuma zimene George Dantzig anazipezera njira mu 1947, za mizere yowongoka yokhayokha, zimakonda kukankhira yankho kumapeto, kuti zonse zipite uku kapena uko. Variyansi ndi yopindika. Ikajambulidwa imaoneka ngati beseni, ndipo kufuna chiopsezo chochepetsetsa kuli ngati kusiya mpira kuti ugubuduzike mpaka pansi pa beseniyo. Pansi pake ndi pamodzi pokha, palibe kadzenje kena m'mbali komwe mpirawo ungakakamire munthu n'kumaganiza kuti wafika. Choncho kompyuta ikapeza yankho, palibe lina loposa pamenepo lomwe labisala kwina.

Koma mpirawo suloledwa kupita paliponse, ndipo apa ndi pomwe samuyi imafunika njira yapadera. Pali malamulo. Magawo onse akaphatikizidwa akwane 1, chifukwa ndalama ndi zomwezo. Phindu loyembekezeka lifike pamene mwini ndalama akufuna. Ndipo kawirikawiri gawo lililonse lisatsike kupitirira 0. Ntchito ya kwadiratiki pulogiramingi ndi kupeza magawo opereka variyansi yochepetsetsa popanda kuswa lamulo lililonse mwa amenewa.

Masheya akakhala awiri okha palibe chosankha: wofuna 11 peresenti ayenera kugawa pakati ndi pakati, ndipo kugwedezeka kumakhala 11.2. Tiwonjezere kampani yachitatu, yopanga mankhwala, ya phindu la 11 peresenti ndi kugwedezeka kwa 15, yosayendera limodzi ndi ziwiri zija. Tsopano njira zofikira 11 peresenti zachuluka. Mayi uja atha kuika zonse ku mankhwala n'kulandira kugwedezeka kwa 15. Atha kusiya mankhwala n'kukhala pa 11.2. Samu ikawerengeredwa imati aike pafupifupi K320,000 ku magetsi, K320,000 ku migodi ndi K360,000 ku mankhwala. Variyansi imakhala pafupifupi 80 ndipo kugwedezeka ndi 9. Palibe kugawa kwina kwa masheya atatuwa kopereka 11 peresenti kumene kungatsike kuposa apa.

Nanga akafuna 13 peresenti? Samu yopanda lamulo lachitatu lija imapereka yankho lodabwitsa: gawo la magetsi likhale -8 peresenti. Pamisika ikuluikulu zimenezi zimatheka, munthu amabwereka masheya kwa wina, kuwagulitsa, n'kugwiritsa ntchito ndalamazo kugula ena, kuti adzabweze masheyawo patsogolo. Matumba ambiri a penshoni saloledwa kuchita zotere. Lamulo likabwezeretsedwa, gawo la magetsi limaima pa 0, magawo awiri mwa atatu a ndalama amapita ku migodi ndipo gawo limodzi ku mankhwala. Kugwedezeka kumafika 14.2. Kukweza phindu kuchoka pa 11 kufika pa 13 peresenti kwakweza chiopsezo kuchoka pa 9 kufika pa 14.2, ndipo samu siuza mayiyo ngati malondawo ndi abwino. Imangomuonetsa mtengo wake. Kusankha n'kwa iye, malinga ndi zaka zake, ngongole zake ndi nthawi imene adzazifune ndalamazo.

Munthu akabwereza samuyi pa phindu lililonse, 10, 11, 12 mpaka 14, amapeza mzere wopindika wa magawidwe amene sangaposedwe. Kugawa kulikonse kumene sikuli pamzerewu n'kotaya, chifukwa pali kwina kopereka phindu lomwelo pa chiopsezo chocheperapo. Markowitz anazindikira kuti sipafunika kuwerengera malo aliwonse pamzerewo. Pamene phindu lofunidwa likukwera, magawo amasintha mwandondomeko yowongoka mpaka sheya ina itatuluka kapena kulowa. M'chitsanzo chathu, gawo la magetsi limachepa pang'onopang'ono n'kufika pa 0 phindu likafika pafupifupi 12.6 peresenti, pomwe migodi ili ndi 53 peresenti ya ndalama ndipo mankhwala 47. Malo otere ndi ngodya za mzerewo, ndipo wodziwa ngodya zonse wadziwa mzere wonse. Njira yodumpha kuchoka pa ngodya ina kufika pa ina anaifalitsa mu 1956, atagwirako ntchito ku RAND Corporation komwe anakumana ndi Dantzig. Chaka chomwecho Marguerite Frank ndi Philip Wolfe anafalitsanso njira yawo yothetsera samu za kwadiratiki. Lero samu ya masheya atatu kapena makumi angapo imatheka pa Excel, pogwiritsa ntchito chida chotchedwa Solver, m'kanthawi kochepa.

Mbali yowerengera inatha kuvuta. Imene sinathe ndi ya manambala olowetsa m'samuyo, ndipo aliyense wopatsidwa chithunzi chokongola cha mzere uja ayenera kuyamba wafunsa kumene manambalawo achokera.

M'chitsanzo chathu 8, 14 ndi 11 tinangozilemba. Pamsika weniweni palibe amene amadziwa phindu loyembekezeka la sheya. Amaliyerekeza, kawirikawiri poona zakale. Ndipo zoyerekeza zake ndi zambiri. Masheya 100 amafuna manambala 100 a phindu, 100 a kugwedezeka, ndi 4,950 a kuyendera limodzi, imodzi pa masheya awiri aliwonse. Kuchuluka kumeneku ndi kumene kunachititsa William Sharpe mu 1963 kupereka njira yachidule yoyeza sheya iliyonse poiyerekeza ndi msika wonse, m'malo moiyerekeza ndi inzake iliyonse payokhapayokha.

Phindu loyembekezeka ndiye lovuta kwambiri kuliyeza. Tenga sheya yamigodi ija ya kugwedezeka kwa 20. Ngakhale munthu atakhala ndi mbiri yake ya zaka 25, avereji imene angapeze imakhalabe ndi kusatsimikizika kwa 4, kutanthauza 20 kugawa ndi 5. Avereji ya 14 peresenti itha kubisa phindu lenileni lili paliponse pakati pa 6 ndi 22. Kampani yamigodi imene ikuoneka kuti ikuposa yamagetsi mwina siiposa n'komwe; inangokhala ndi zaka zamwayi.

Samu siidziwa zimenezi. Imatenga nambala iliyonse ngati yotsimikizika, ndipo imathamangira kumene nambala ikuoneka yokoma kwambiri, komwe nthawi zambiri ndi kumene kuli cholakwika chachikulu. Vutoli limakula masheya akakhala ofanana. Tiyerekeze mabanki awiri, iliyonse ya kugwedezeka kwa 20, ndi korileshoni ya 0.95. Kugawa pakati ndi pakati kumapereka kugwedezeka kwa 19.7, kuika zonse ku banki imodzi kumapereka 20. Kusiyana n'kochepa kwambiri, moti woyerekeza akangolemba 15 peresenti pa banki ina ndi 14 pa inayo, samu imasamutsira ndalama zonse ku ya 15. Chaka chotsatira manambala akatembenuka, imati zonse zibwerere kwinako, ndipo ulendo uliwonse wotere uli ndi ndalama zolipira ogulitsa masheya. Richard Michaud, polemba mu 1989, anati njirayi imakulitsa zolakwika za woyerekeza. Vijay Chopra ndi William Ziemba anapeza mu 1993 kuti kulakwitsa phindu loyembekezeka kumawononga kuposa kakhumi poyerekeza ndi kulakwitsa variyansi.

Chigamulo chowawa kwambiri chinabwera mu 2009. Victor DeMiguel, Lorenzo Garlappi ndi Raman Uppal anayesa njira 14 zogawira ndalama pa magulu asanu ndi awiri a mbiri ya misika, n'kuziyerekeza ndi njira ya mwana wa sukulu yongogawa ndalama mofanana ku masheya onse. Palibe njira imene inaposa kugawa mofananako nthawi zonse. Anawerengera kuti pa masheya 25, njira ya Markowitz yodalira mbiri yokha ingafune miyezi pafupifupi 3,000, zaka 250, kuti iyambe kupambana modalirika. Izi sizisonyeza kuti samuyo ndi yabodza. Zikusonyeza kuti avereji ya zakale ndi poyambira pofooka.

Yankho lokayikitsa limadziwika msanga. Limaunjika ndalama zambiri pa masheya awiri kapena atatu mwa makumi angapo. Limasintha kwambiri nambala imodzi ikasunthidwa pang'ono, ndipo kuyesa kwake n'kosavuta: kuchotsa theka la peresenti pa phindu la sheya imene yapatsidwa zambiri, n'kuwerengeranso. Magawo akatembenuka, yankho loyamba silinali loti n'kulidalira.

Akatswiri sanaitaye njirayi, anaimanga zingwe. Ena amawonjezera malamulo, monga lakuti sheya imodzi isapitirire 10 peresenti ya thumba, zomwe samu ya kwadiratiki imalandira mosavuta. Ravi Jagannathan ndi Tongshu Ma anasonyeza mu 2003 kuti malamulo otere amathandiza ngakhale pamene akuoneka ngati akumanga manja, chifukwa amaletsa samu kutsata manambala olakwika. Ena amasiyiratu kuyerekeza phindu n'kungofuna variyansi yochepetsetsa, monga kugawa kuja kwa K800,000 ndi K200,000, komwe sikudalira 8 kapena 14. Fischer Black ndi Robert Litterman a ku banki ya Goldman Sachs anayambitsa njira ina kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990: kuyambira pa mmene msika wonse wagawira kale ndalama, n'kupatukapo pokhapokha pamene munthu ali ndi maganizo ake, molingana ndi mmene akuwakhulupirira.

Pali vuto lina limene zingwezi sizilithetsa. Korileshoni siikhala malo amodzi, ndipo imakonda kukwera pa nthawi ya mavuto, pamene aliyense akugulitsa chilichonse kuti apeze ndalama. Mu 2008 masheya a makampani 500 akuluakulu a ku America anataya pafupifupi 37 peresenti, ndipo misika ya ku Ulaya ndi ku Asia inagwera limodzi nawo. Kwa mayi wathu uja, korileshoni itachoka pa 0 kufika pa 0.8, kugwedezeka kumene ankakudziwa kuti ndi 10 kukanafika 13.3 asanagule kapena kugulitsa kanthu.

Nkhaniyi imawakhudza Amalawi ambiri kuposa mmene amaganizira. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kusonkha 10 peresenti ya malipiro ku penshoni, wogwira ntchito n'kuwonjezera 5 peresenti. Ndalamazo zimagawidwa ku masheya, ngongole zobwereketsa boma, nyumba zobwereketsa ndi zina, ndipo ozigawa amayang'anizana ndi funso lomwelo la Markowitz. Koma msika wa masheya wa ku Blantyre uli ndi makhalidwe amene amasokoneza samuyi. Makampani ake safika 20, ndipo angapo ndi apachibale: Press Corporation ili ndi gawo lalikulu mu National Bank of Malawi ndi mu TNM, pomwe NICO Holdings ili ndi gawo lalikulu mu NBS Bank. Wogula mayina onsewa wagula zinthu zochepa kuposa mmene mndandanda ukuonetsera.

Chinanso n'chakuti masheya ena amatha masiku osagulidwa kapena kugulitsidwa, mtengo wake uli pomwepo. Mtengo wosasuntha umapereka kugwedezeka kochepa ndi korileshoni yoyandikira 0, ndipo samu imaona sheya yotere ngati yabata n'kuipatsa gawo lalikulu, chonsecho tsiku lofuna kuigulitsa yambiri wogula angasowe. Nyumba zimanamiza chimodzimodzi, chifukwa mtengo wake umayesedwa mwa apo ndi apo. Ndipo variyansi yowerengeredwa mu kwacha siona zimene zimagwera thumba lonse nthawi imodzi. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole zobwereketsa boma, zomwe samu imaziona ngati zopanda chiopsezo, zinapitiriza kubweza ndalama zonse zolonjezedwa, koma ndalamazo zinkagula katundu wakunja wochepa kwambiri. Katswiri wosamala amawerengera phindu atachotsapo kukwera kwa mitengo, amagwiritsa ntchito mitengo ya pamwezi m'malo mwa ya tsiku ndi tsiku pa masheya osayenda kawirikawiri, ndipo amaika lamulo lina m'samuyo loletsa thumba kugula masheya ochuluka kuposa amene msika ungathe kuwagula litafuna kuwagulitsa.